Tayala Lakumanzere la Apongozi

Matiyasi analiona tayala la pikapu asananyamuke, pamene anawerama kuti akoke chingwe chomangira matumba a nshawa. Linali lakumbuyo, mbali ya kumanzere. Silinali lophwa, koma m'munsi mwake linali litatupa ngati tsaya la mwana amene wabisa chakudya m'kamwa. Anazungulira pikapuyo kukaona linzake la kumanja. Limenelo linaima mowongoka. Anabwerera nayang'ananso, akuyembekeza kuti mwina nthaka ndiyo inali yopendekeka. Nthaka inalibe mlandu.

Galimotoyo inali ya apongozi ake, aNatembo, ndipo oyendetsa anali iwo omwe. Amuna awo anafera pa msewu wa ku Lundazi minibasi itaphulika tayala, ndipo kuyambira pamenepo aNatembo sanafunenso kuika moyo wawo m'manja mwa dalaivala aliyense. Anagula pikapu ndi ndalama za thonje, naphunzira chiwongolero imvi zitayamba kale. Tsiku limenelo ankachoka kumudzi kwawo ku Kasenengwa kupita ku Chipata kukagulitsa nshawa, ndiwo mtedza, zimene anasunga kudikira mtengo wa mu Okutobala. Anatenganso alendo awo kuti awabwezere ku tauni: mwana wawo Tamiwe, amene anali ndi pakati, kamdzukulu kawo Pemphero, ndi mkamwini.

Mkamwiniyo anali Matiyasi, mphunzitsi wa sayansi, ndipo vuto linagona pomwepo. Kwa aNatembo mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi. Akakumana m'njira, mmodzi amapatukira m'udzu. Chikwatirire Matiyasi anali asanawauzepo aNatembo liwu ngakhale limodzi maso ndi maso. Zonse zinkadzera mwa Tamiwe, ndipo Tamiwe anali sefa yabwino kwambiri: mawu ankalowa ndi madeya awo, n'kutuluka ali ufa wosalala.

Matiyasi anaitanira Tamiwe kuseri kwa nkhokwe namuuza kuti tayala limodzi lachepa mpweya, ndipo ndi katundu wotere, dzuwa lotere, silingafike ku tauni. Anati kwa aneba kuli pampu ya phazi imene amapopera njinga yamoto, ingathandize. Tamiwe anapita kwa amayi ake, nagwada pang'ono, nalankhula motsitsa. Matiyasi sanamve zimene ananena, koma yankho analimva, chifukwa aNatembo analipereka mokweza, atayang'ana kukhola la mbuzi.

"Uwauze kuti ndaliona. Ndi katundu chabe. Tikafika ku tauni akawonjezera wake womwewo. Pampu ya njinga isayandikire motoka yanga."

Pa valavu ya tayala lililonse, polowera mpweya, panali kotsekera kobiriwira. Chaka chathacho, pogula matayala atsopano, aNatembo anakumana ndi wogulitsa wa pakamwa poterera amene anawauza kuti akawonjezera kandalama awathirira naitirojeni, mpweya umene amathira m'matayala a ndege. Anati sutentha, suthawa, ndipo tayala lake siliphulika chisawawa. Anawalangizanso kuti azibwera kwa iye yekha, asalole anthu a m'mbali mwa msewu kuthiramo wawo. Kwa mayi amene anakazindikira mtembo wa mwamuna wake poona nsapato, mawu akuti siliphulika anali okwanira. Zotsalazo anamalizitsa okha: ngati munthu akuletsa kusakaniza, ndiye kuti kusakanizako n'koopsa, monga petulo ndi dizilo. Kuyambira tsiku limenelo matayalawo anakhala ngati opatulika. Palibe anawapopa, palibenso anawayeza.

Matiyasi ankadziwa zimene ana ake a sukulu amalemba pa mayeso, kuti mpweya umene tonse timapuma, magawo pafupifupi anayi mwa asanu ndi naitirojeni kale. Wogulidwayo ndi wouma, ndipo amachedwerako pang'ono kutuluka m'timipata ta labala, koma kusiyana kwake n'kochepa moti munthu woyendera msewu wamba sangakuone. Msomali ukalowa sufunsa kuti m'katimo muli mpweya wa mtundu wanji. Ankadziwanso chinthu china. Tayala lofewa limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, ndipo limatentha monga waya amene munthu akumupinda uku ndi uku kuti aduke. Waya amaduka.

Anafunsa za sipeya. Tamiwe anati sipeya ili ku ngolo, ndipo ngoloyo yapita kudimba kutsidya kwa mtsinje. Matiyasi anati nanga atsitseko matumba ena. Yankho linabwera kudzera kukhola la mbuzi kuti wogula akufuna onse lero. Pomaliza anauza Tamiwe kuti iye ndi mwana atsale, adzabwere mawa pa basi. Tamiwe anamuyang'ana ngati wayamba misala. Mawa m'mawa anali ndi sikelo ku chipatala, komanso kukana kukwera galimoto ya amayi ako anthu akuona n'chimodzimodzi kuwatcha mfiti.

Choncho anakwera. Kutsogolo kunakhala aNatembo, Tamiwe, ndi Pemphero pakati pawo. Malo a mkamwini anali kumbuyo, pamwamba pa matumba, ndipo Matiyasi anadzilimbitsa mtima kuti pa msewu wa fumbi galimoto iyenda pang'onopang'ono, ndipo asanafike pa tala adzakhala atapeza njira. Ankakonda zinthu zofuna kumasula, ndipo ichi chinali chimodzi mwa izo: pali munthu mmodzi yekha amene angaimitse galimoto, ndipo ndi yekhayo amene sungamulankhule. Pa bolodi chikanakhala chosangalatsa.

Atangotuluka m'mudzi anayamba kusuntha matumba. Ankakoka limodzi limodzi kuchoka kumanzere kupita kumanja, mawondo ali pansi, galimoto ikudumpha m'mabampu. Iyenso anakakhala kumanja, atagwira chitsulo. Thukuta linamulowa m'maso. Atamaliza anasuzumira kumanzere. Tayala linali chitupire, ndipo likagunda mwala silinkadumpha ngati anzake. Linkaumeza.

Kudzera pa galasi lakumbuyo ankaona mitu itatu. Wa pakatiwo unali waung'ono, wolukidwa timizere tokhala ndi mikanda yofiira kumapeto. Pemphero analibe lamba. Anali atagwada pa mpando, manja ali pa dashibodi, akuwerenga ng'ombe.

Atadutsa kamlatho kena Matiyasi anagogoda padenga. Galimoto inaima. Anauza Tamiwe pa windo kuti chingwe chamasuka, natsika. Anapita kaye kumanja nagwira tayala m'mbali. Linali lofunda, monga chinthu chilichonse mu Okutobala. Kumanzere anangokhudza n'kuchotsa dzanja. Linali ngati chivindikiro cha poto. Analavulira malovu pa valavu kuti aone ngati patuluka thovu, koma silinatuluke. Mpweya unkathawira kwina, ndipo tayala linali litatsika kuposa mmene linalili pakhomo.

Anamunong'oneza Tamiwe kuti awapemphe amama atsike adzaligwire okha. Tamiwe anatembenuka nalankhula. ANatembo anayang'ana pa galasi la m'mbali, nanena kuti dzuwa lero latenthetsa chilichonse, ngakhale chiwongolero chikuotcha, ndipo naitirojeni ndi wa masiku ngati amenewa. Anafunsanso ngati chingwe chamangika. Chinali chitamangika.

Kenako anafika pa tala.

Pa fumbi galimoto inkagwedera ndi kulira, ndipo phokosolo linkabisa zambiri. Pa tala zonse zinakhala chete, kupatula mawu amodzi ochokera pansi kumanzere, ngati munthu akupuntha nsalu yonyowa pa mwala mofulumira. ANatembo anasintha giya, nasinthanso. Mitengo ya m'mbali inayamba kuthamanga. Matiyasi anamva kumbuyo kwa galimoto kukupita uku ndi uku pang'onopang'ono, ngati mchira wa ng'ombe yokhuta. Msewu unali kunyezimira ndi kutentha. Lole yonyamula mafuta inawadutsa ikupita kumene iwo ankachokera, ndipo mphepo yake inakankha pikapuyo. Inachedwa kubwerera pamzere.

Anatulutsa foni ndi dzanja limodzi nalembera Tamiwe kuti awauze achepetse liwiro, tayala latentha kwambiri. Anamuona pa galasi akuwerenga. Anamuona akutembenukira kwa amayi ake, milomo ikuyenda. ANatembo anagwedeza mutu movomera. Patapita kanthawi dzanja la Tamiwe linatuluka pa windo litagwira botolo la madzi, kumupatsira kumbuyo.

Matiyasi analandira botololo chifukwa panalibe china chochita nalo. Sefa inali itagwira ntchito yake: mkamwini watenthedwa.

Fungo linayamba pamenepo. Poyamba anaganiza kuti ndi anthu akuotcha zinyalala, koma fungolo linkayenda nawo. Anagona chafufumimba pa matumba nasuzumira. M'mbali mwa tayala munali mzere wakuda kwambiri kuzungulira lonse, wonyezimira, pamalo pamene labala inkapindikira. Analembanso, zala zikuphonya zilembo. Ulendo uno sanasankhe mawu. Analemba kuti tayala likununkha, liphulika, aime pompano.

Tamiwe anawerenga, natembenuka kumuyang'ana kudzera pa galasi. Nkhope yake inali itasintha. Analankhula ndi amayi ake nthawi yaitali, dzanja lili pamimba. Matiyasi anadikira kuti amve mabuleki. M'malo mwake injini inakweza mawu. ANatembo anali atamva, anali atachita mantha, ndipo mantha awo anawauza kuti mankhwala ali ku tauni, choncho afike msanga.

Iye anali asanaonepo tayala likuphulika, koma ankadziwa masamu ake. Lakumbuyo likaphulika galimoto yolemera chonchi, kumbuyo kumathawira mbali imodzi, woyendetsa amaponda buleki mwamantha, ndipo galimoto imagubuduka. Iye adzauluka limodzi ndi nshawa. Zimenezo anaziona ngati za munthu wina. Chimene sanathe kuchichotsa m'maso chinali galasi lakutsogolo ndi timikanda tofiira tija, ndi kufupika kwa mtunda pakati pa ziwirizo. Pemphero anatembenuka, namuona, nakanikiza mphuno pa galasi kuti amuseketse.

Matiyasi anamenya denga ndi zikhatho zonse ziwiri. Mkamwini amagogoda ndi chala chimodzi. Iye anamenya ngati ng'oma, osaleka, mpaka galimoto inayamba kuchepetsa liwiro, nipatukira pa fumbi patsogolo pa timagolosale ta pa Madzimoyo.

ANatembo anatsika, nanyamula mdzukulu wawo, nanena kwa Tamiwe kuti popeza ena aganiza zoboola denga, iwo apita ndi mwana kuseri akataye madzi. Sanayang'ane tayala. Anadutsira kumanja kwa galimoto.

Tamiwe anabwera kumanzere. Fungo analimva yekha, ndipo anagwira pakamwa. Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo wa mango, panali matayala akale ounjikidwa, kompuresa yopopera mpweya ndi chikwangwani cha mapankicha. Matiyasi analoza kumeneko. Tamiwe anapukusa mutu. Anati wayesa, ndipo ulendo uno wanena zonse monga zinalembedwera. Amama ayankha kuti mpweya wamba ukakumana ndi wobiriwirawo tayala liphulikira pomwepo, lipha wopopayo, ndipo iwo sadzakwiriritsa mwamuna wa mwini. Akabwera akwera, ndipo ayendetsa.

"Ndiye iwe ndi mwana simukwera."

"Ndiye apita okha. Mukufuna ndiwaone akupita okha?"

Matiyasi anakhala chonjuta pafupi ndi tayala. Kutentha kwake kunkamufika kumaso. Kuwauza kuti kusakaniza sikoopsa kunali kosathandiza, pakuti mawu a mkamwini odzera mwa mwana sangapose mawu a munthu wa yunifomu amene anali ndi makina. Kupopa mobisa kunali kosatheka, kompuresa imamveka mpaka kuseri kwa magolosale. ANatembo sankaopa mpweya wamba. Anayendera mpweya wamba zaka zonse. Ankaopa zinthu ziwiri zikakumana. Anayang'ana kotsekera kobiriwira kaja, ndipo anaona kuti kuti zinthu ziwiri zikumane, ziyenera kukhalapo zonse ziwiri.

Anapempha Tamiwe phini wa m'tsitsi. Tamiwe anamuyang'ana, nayang'ana kuseri kwa magolosale, kenako anazula phiniyo. Atazindikira chimene mwamuna wake akufuna kuchita, anangoima pakati pa iye ndi magolosale, natambasula chitenje ngati akuchimanga bwino.

Matiyasi anamasula kotsekerako nakanikiza kamtima ka valavu. Mpweya unatuluka ukulira, wotentha, wonunkha labala yopsa. Unamuotcha chala koma sanachotse. Galimoto inayamba kutsamira kwa iye pang'onopang'ono, matumba akulira pamwamba. Amayi ena ogulitsa tomato anasiya kucheza. Kulirako kunkamveka ngati kukufika ku Chipata, ndipo kunkachedwa kutha. Pamene kunayamba kufooka, chitenje cha Tamiwe chinatsika. Kumbuyo kwake kunaima aNatembo, atagwira Pemphero pa dzanja.

Anaona mkamwini wawo atagwada, phini ili m'manja, tayala lawo litagona pansi, limu, chitsulo chimene tayala limavala, itatsala pang'ono kukhudza fumbi. M'mudzi munthu wophwetsa tayala la mnzake amatengeredwa ku bwalo. Mawu awo anatuluka otsika kwambiri.

"Tamiwe, afunse ngati pali chimene ndinawalakwira."

Tamiwe anatsegula pakamwa, koma Matiyasi anadziwa kuti mawu awa akadutsa m'sefa atuluka ali kupepesa. Sanadzutse maso. Anayang'ana mwana wake, pakuti mwana ndi khomo limene mwambo unasiya lotsegula.

"Pemphero, uwauze ambuya ako kuti m'tayalamu mulibenso kanthu. Naitirojeni yense watuluka. Chosakaniza nacho palibe."

Pemphero anayang'ana ambuya ake, osadziwa ngati ayenera kubwereza. ANatembo anali mayi amene ogula thonje ankamuopa pa sikelo, ndipo nkhani anaitembenuza mbali zonse. Kenako nawonso analankhula kwa mwanayo.

"Uwafunse atate ako. Botolo ukakhuthula madzi limauma pomwepo? Wotsalira m'katimo achita naye bwanji?"

Matiyasi anatsala pang'ono kuseka, ndi mantha omwewo. Anali atagwidwa. Tayala lophwa silikhala lopanda kanthu, limangofanana mphamvu ndi mpweya wa kunja. ANatembo akanakhala mwana wa sukulu, akanawapatsa malikisi onse. Iye ankafuna kompuresa ibwere, apope, apite pang'onopang'ono. Anavomera kudzera mwa Pemphero kuti wotsalira alimo. ANatembo anati ngati ndi choncho tayalalo lichotsedwe pa limu, litsegulidwe, lipitidwe mphepo, ndipo pokhapo alola.

Mwini kompuresa anali bambo wina wamfupi dzina lake Goodson, amene anali atafika kale pafupi chifukwa tayala lophwa limaitana mwini ntchito monga maliro amaitanira abale. Anathandizana ndi Matiyasi kutsitsa matumba angapo kuti jeke ikwanitse. Pomasula manati Goodson anafunsa ngati tayalalo alichotsa mu uvuni wa mabanzi. Analigubuduza ndi nsanza m'manja mpaka pansi pa mango, nalidikira kuti lizizireko, nalitsegula ndi zitsulo zake. Panja, pakati pa mizere, anapeza mutu wa msomali wa malata utadyeka mpaka kusalala.

Kenako analipendeketsa kuti ayang'ane m'kati, ndipo munatuluka zinthu zakuda. Zinakhuthukira pa fumbi ngati makala osinja, zodzaza manja awiri. Inali labala ya m'kati imene inanyenyeka ndi kupindika kuja. Goodson analowetsa dzanja, nalitembenuzira ku dzuwa. Khoma la m'mbali linali litachita makwinya kuzungulira lonse, ndipo m'malo ena ulusi unkaoneka, woyera, wina utaduka. Anati ili sakhoma chigamba, ngakhale amupatse mbuzi. Likanalandira mpweya wokwanira likanatha kung'ambika pomwepo kapena pa phiri loyamba.

Matiyasi anakhala pa tayala lina lakale. Yankho lake lokongola lija linali lakuti apope tayala limeneli n'kukwezamo mwana. Linatsegulidwa chifukwa cha mantha a apongozi, mantha a chinthu chimene kulibe. Anayang'ana mulu wakudawo, nayesa kuganiza kuti unatsala mtunda wotani, koma anasiya.

ANatembo anayang'ananso muluwo. Anatola pang'ono, napekesa pakati pa zala. Sananene chilichonse chokhudza ndege.

Goodson anali ndi tayala logwirapo kale ntchito la saizi yomweyo, ndipo atakambirana ndi aNatembo analiika pa limu. Polipopa, aNatembo anapita ndi Pemphero kuseri kwa mtengo, ngakhale limeneli linali lisanalawepo naitirojeni. Litamangidwa, Matiyasi anapempha Goodson kuti ayeze atatu otsalawo. Anatsegula chitseko cha woyendetsa namuonetsa kachitsulo kolembedwa mphamvu ya mpweya imene galimotoyo imafuna ikasenza katundu. Goodson anazungulira ndi geji yake yoyezera mpweya. Onse atatu anali pansi pa mlingo. Sanali ngati loyamba lija, koma anali pansi, ndipo anali akadali ofunda, pamene tayala lofunda limaonetsa mpweya wochuluka kuposa umene lili nawo likazizira. Chaka chathunthu palibe anawayeza, chifukwa anali ndi totsekera tobiriwira.

Tsopano nkhani inabwerera pamene inayambira, koma katatu. Kutsegula onse atatu kukanawagoneka pa Madzimoyo. Kupita nawo choncho, ndi katundu yense uja, aNatembo anali ataona kale chimene chimachitika m'kati. Anaima pakati pa galimoto ndi kompuresa, akupukuta zala zakuda pa chitenje. Pomaliza anakoka mdzukulu wawo namuimika patsogolo pawo.

"Uwafunse atate ako, anene zoona ngati ali m'tchalitchi. Zikakumana ziwirizi chimachitika n'chiyani?"

"Uwauze ambuya kuti palibe chimachitika. Mpweya umene uli m'chifuwa mwawo pano, wambiri ndi naitirojeni yemweyo. Zinasakanizika kale, Mulungu ndiye anasakaniza."

"Nanga ine ndinalipira chiyani?"

Tamiwe anatsokomola, kukonzeka kusefa, koma amayi ake anamuletsa ndi dzanja. Matiyasi anauza mwanayo kuti ambuya analipira mpweya wouma umene umachedwerako pang'ono kuchepa, kuti ku ndege ndi ku galimoto za mpikisano uli ndi ntchito yake, koma pa msewu wa ku Kasenengwa geji yotchipa yoyezera m'mawa galimoto isanayende ikanawateteza kuposa pamenepo. Goodson anathirapo kuti iye wakhala akupopa a totsekera tobiriwira chiyambire kubwera, ndipo zala zake zikadali zonse. Anazitambasula. Chimodzi chinali chachifupi, koma anati chimenecho ndi nkhani ya ng'ombe.

Palibe anaseka. ANatembo anayang'ana zalazo, nayang'ana galimoto. Zinali zoonekeratu kuti mawuwo awamva koma sanafike kumene kunali manthawo. Anauza Goodson kuti ayatse makina ake, koma paipi agwira okha. Goodson anakana, nati ntchito ndi yake. Iwo anati galimoto ndi yawo, ndipo ngati pali woti aphulikiridwe akhale amene anagula mpweyawo. Anamuuza awaonetse pogwira, ndi nambala imene singano iyenera kufika, kenako achoke. Anauza Tamiwe atenge mwana apite kuseri kwa mango, ndipo awauze enawo apite nawo.

Anapita onse. Goodson anaima pafupi ndi kompuresa akung'ung'udza. Amayi a tomato aja, osadziwa chimene chikuchitika, anaona anthu akubisala nawonso anasendera kutali.

ANatembo anagwada pa tayala lakutsogolo. Anamasula kotsekera, nakaika pansi mosamala. Anachita chizindikiro cha mtanda. Paipi inaphonya valavu, niphonyanso, mpweya ukupoperera fumbi m'maso mwawo. Kenako inagwira. Anatembenuzira nkhope kumbali, maso atatsinzina, mapewa atakwera mpaka m'makutu.

Matiyasi ankadziwa bwino lomwe kuti palibe chichitike. Akanatha kuzilemba pa bolodi. Komabe anapezeka atakanikiza mutu wa Pemphero pa chifuwa chake, dzanja litatseka khutu la mwanayo, iye mwini osapuma.

Kompuresa inalira. Tayala linakwera pang'ono. ANatembo anatsegula diso limodzi, nayang'ana singano, nadikira, nachotsa paipi. Anakhala chigwadire, akupuma ndi pakamwa. Kenako anagwira bampala, nadzuka pang'onopang'ono, nakoka paipi kupita ku tayala lachiwiri.